Mchenga wa ku Omaha ndi Zithunzi Zimene Palibe Anajambula

Mu filimu ya Saving Private Ryan ya 1998, bomba likaphulika pa gombe la Omaha, dothi siliuluka ngati utsi. Limauluka lili mibulumibulu, m'bulu uliwonse ukuoneka pawokha ndi m'mbali mwake mwakuthwa, ndipo madontho a madzi a m'nyanja amaima m'malere kamphindi ngati mikanda. Msilikali akamathamanga sayenda mosalala, amachita kudukizadukiza, mkono uli apa, kuphethira kamodzi uli apo. Woonera amapuma mobanika osadziwa chimene chamugwira. Zimenezi anazikonza ndi Janusz Kamiński, katswiri wojambula wobadwira ku Poland amene wagwira ntchito ndi Steven Spielberg kwa zaka zambiri, ndipo chida chake chinali kachitsulo kozungulira ka m'kati mwa kamera.

Kamera ya filimu imatola zithunzi zoima 24 pa sekondi iliyonse. Liwiro limeneli linakhazikika chakumapeto kwa zaka za m'ma 1920, mafilimu atayamba kukhala ndi mawu. Kutsogolo kwa filimu kumazungulira shata, kachimbale kodulidwa pakati: theka limatseka kuwala pamene filimu ikusunthira pa chithunzi chotsatira, theka linalo n'lotseguka. Mpata wotsegukawo ndi wa madigiri 180, choncho chithunzi chilichonse chimalandira kuwala kwa gawo limodzi mwa magawo 48 a sekondi. Kanthawi kameneka n'kochepa, koma mkono umene ukuponya chibakera umakhala utayenda ndithu, ndipo pa chithunzipo umasiya mkwasa wachimbuuzi. Mukaimitsa filimu pamalo a ndewu mudzaona kuti dzanjalo silioneka bwino. Chimbuuzicho ndicho chimalumikiza chithunzi china ndi chinzake m'maso mwathu, mpaka zithunzi 24 zokha n'kuoneka ngati moyo ukuyenda.

Kamiński anachepetsa mpatawo. M'malo ena a nkhondo anaufikitsa pa madigiri 90, pena pa 45. Pa 45, kuwala kumalowa kwa gawo limodzi mwa magawo 192 a sekondi. Zithunzi zikadali 24, koma chilichonse tsopano n'chakuthwa, chopanda mkwasa, ndipo pakati pa chithunzi ndi chinzake patsala dzenje la nthawi limene diso liyenera kulumpha lokha. Kudukiza kuja n'kumeneku. Mtengo wake ulipo: kuwala kofika pa filimu kumatsala gawo limodzi mwa magawo anayi, ndiye wojambula ayenera kukubweza potsegula kwambiri diso la kamera, zimene zimachepetsa malo ooneka bwino ndi kumuvutitsa wosunga fokasi amene akuthamanga pambali pake mumchenga. Chimene chimandigometsa n'chakuti munthuyu anaona mantha a nkhondo mu chinthu chimene ambiri sitichiwerengera n'komwe, nthawi yomwe kamera yatsinzina. Anapata nayo mphoto ya Oscar ntchitoyi, ndipo inali yomuyenera.

Ngakhale ojambula amene sakhudza shata amakhala akusamala malire a zithunzi 24. Pali lamulo lakale la pantchitoyi loti potembenuza kamera cham'mbali, chinthu chizitenga masekondi osachepera asanu ndi awiri kuchoka mbali ina ya chithunzi kufika mbali inayo. Mukafulumira kuposa apo, mitengo ndi zipilala zimayamba kunjenjemera. Choncho liwiro la kamera, mayendedwe a osewera, ngakhale kuwala kwa khoma lakumbuyo, zonse amaziyeza ndi muyeso umodzi womwewo wa 24.

Tsopano filimuyi ifike pa kanema wamakono wa pabalaza. Sikirini yake imasintha chithunzi ka 50 kapena ka 60 pa sekondi, ndipo zokwera mtengo zimafika ka 100 kapena ka 120. Kanema wa 120 ali ndi njira yachilungamo yoonetsera filimu: kubwereza chithunzi chilichonse kasanu, poti 24 kuchulukitsa ndi 5 ndi 120. Koma makanema ambiri amachoka ku fakitale atatcheredwa kuti azisalaza mayendedwe. Kachipangizo ka m'kati kamatenga zithunzi ziwiri zotsatizana, n'kuzigawa m'timagawo ting'onoting'ono, n'kufufuza kumene kagawo kalikonse kasunthira. Kakapeza kuti chisoti cha msilikali chinali apa ndipo tsopano chili apo, kamajambula kokha zithunzi zinayi za chisoticho chili m'njira. Pa zithunzi 120 zimene mukuona pa sekondi, 24 ndi za Kamiński, 96 n'zongopeka makina.

Dzenje lija ndiye lakwiriridwa. Zili ngati munthu wamva mng'oma waluso akusiya mipata pakati pa kugunda, iye n'kumaombamo m'manja mumpata uliwonse poganiza kuti akuthandiza. Asilikali aja amayamba kutsetsereka bwinobwino pamchenga, mibulu ya dothi ikuyandama mwaulemu, ndipo mukuona amuna ovala yunifolomu akusewera nkhondo kamera ili pambali. Mu filimu wamba ya madigiri 180 vuto limabwera mwina: chithunzi chilichonse chikadali ndi mkwasa wake wautali, koma zikubwera mothinana ngati za kamera yothamanga, kaphatikizidwe kamene palibe kamera imatulutsa.

Chifukwa chimene zimaonekera zotchipa ndi chizolowezi cha maso. Kwa zaka zambiri nkhani, mpira, maukwati ndi masewero a tsiku ndi tsiku a pa kanema zakhala zikujambulidwa ndi makamera a vidiyo otola kuyenda ka 50 kapena ka 60 pa sekondi. Diso linaphunzira kuti kusalala koteroko ndi kwa situdiyo, kwa zinthu zojambulidwa mwachangu. Likakuona pa filimu, zovala zimasanduka zovala za sewero, khoma la nyumba yachifumu n'kuoneka kuti ndi thabwa lopaka penti.

Mungazindikire bwanji kuti kanema wanu akuchita zimenezi? Yang'anani munthu akamadutsa kutsogolo kwa mpanda, masamba kapena khamu la anthu. Kuzungulira mutu ndi mapewa ake mudzaona kamkombero konyezimira ngati mpweya wotentha. Pamenepo makina asowa chochita: munthuyo akusuntha akuvundukula malo amene pa chithunzi choyamba anali obisika, ndiye makinawo amangomatapo zimene apeza pafupi. Zinthu zozungulira mofulumira zimawasokonezanso. Mu The Boy Who Harnessed the Wind, filimu ya 2019 imene Chiwetel Ejiofor anajambulira ku Malawi, masipoko a njinga ndi mapiko a makina a mphepo ndi malo abwino oyeserapo: kusalaza kukakhala kokwera, zinthu zotere zimaduka kapena kuoneka ziwiriziwiri. Chizindikiro china ndi liwiro losakhazikika, chithunzi kusalala kwa masekondi angapo, kenaka kugwedezeka makina akalephera, n'kuyambanso kusalala.

Opanga makanema sanaike zimenezi mwa nkhanza. Sikirini zamakono zimagwira chithunzi chilichonse chili chiimire mpaka chinzake chifike, ndipo diso likamatsatira mpira wothamanga limauona mwachimbuuzi. Zithunzi zoonjezera zimachepetsa vutoli, ndipo pa mpira ine sindidandaula nazo. Ndiponso zithunzi zambiri pa sekondi si tchimo. Peter Jackson anajambula The Hobbit ya 2012 pa 48, Ang Lee anajambula Gemini Man ya 2019 pa 120. Anthu ambiri sanazikonde, komabe chithunzi chilichonse m'menemo anachipanga eni filimu, ndipo kuwala ndi zovala anazikonzera liwiro limenelo. Kanema wa pabalaza sadziwa chimene wojambula ankafuna, amangosalaza chilichonse chimene chamufika.

Eni ntchito anadandaula mokweza. Mu Disembala 2018 Tom Cruise ndi Christopher McQuarrie anatulutsa kavidiyo kopempha anthu kuti azizimitsa kusalazaku poonera mafilimu. Mu 2019 bungwe la UHD Alliance linalengeza Filmmaker Mode, mothandizidwa ndi akatswiri monga Christopher Nolan ndi Martin Scorsese, ndipo kuyambira 2020 imapezeka m'makanema a LG, Samsung, Panasonic ndi ena. Ngati wanu ali nayo, njira yachidule ndi imeneyo: pa rimoti pitani ku Picture Mode n'kuisankha. Imazimitsa kusalaza pamodzi ndi zokometsera zina. Poyamba chithunzi chidzaoneka chakuda pang'ono ndi chachikasu, chifukwa munazolowera kuyera kwa buluu kwa m'sitolo. Ngati pabalaza pali powala, kwezani kuwala kwa sikirini kokha, zinazo muzisiye.

Ngati mulibe, muyenera kusaka dzina limene kampani yanu inapatsa chinthuchi. LG amati TruMotion, Sony amati Motionflow, Panasonic amati Intelligent Frame Creation, Samsung ankati Auto Motion Plus ndipo pa makanema atsopano amati Picture Clarity. Pa makanema a zaka zaposachedwa a Samsung ndi LG njira zake ndi izi, ngakhale mayina amasinthako malinga ndi chaka:

```
Samsung: Settings > Picture > Expert Settings > Picture Clarity Settings > Picture Clarity > Off
LG: All Settings > Picture > Advanced Settings > Clarity > TruMotion > Off
```

Pa mitundu ina, lowani ku Picture n'kufufuza chilichonse chokhala ndi mawu oti Motion, Smooth kapena MEMC. Makanema ena otsika mtengo alibiretu chipangizochi, ndiye mukasaka osachipeza, palibe choti muzimitse. Chimodzi chokha musachikhudze: Real Cinema kapena Cinema Screen pa LG, CineMotion kapena Film Mode pa Sony. Chimenechi ntchito yake ndi kuzindikira kuti chikubwera ndi filimu, n'kuonetsa chithunzi chilichonse kwa nthawi yofanana ndi chinzake.

Ambiri amagwa pa msampha uwu: amazimitsa akuonera dekoda, mawa n'kutsegula filimu ya pa fulashi kapena pa intaneti, kusalala kuja kwabwereranso. Makanema ambiri amasunga zosankha padera pa khomo lililonse la HDMI, pa Picture Mode iliyonse, ndiponso pa mafilimu a HDR. Choncho yatsani filimu pa gwero lililonse limene mumagwiritsa ntchito, ndipo muzimitse filimuyo ikusewera. Izi zili ndi ubwino wake: mutha kusiya kusalaza pa Standard kuti muzionerapo mpira, mafilimu n'kumaonera pa Movie kapena Cinema.

Mukazimitsa, masiku oyamba kamera ikamatembenuka mudzaona kunjenjemera kumene simunkakuona, makamaka pa sikirini yaikulu ndi yowala ya OLED, imene imasintha chithunzi mwadzidzidzi popanda kusungunula. Kwina ndi kwa filimu yeniyeniyo, kwina kwakula chifukwa cha sikirini. Kukakusowetsani mtendere, sankhani Custom pa Samsung kapena User Selection pa LG, ndipo Judder Reduction kapena De-Judder muiike pa 1 kapena 2 mwa 10. Imeneyi ndiyo imakhudza mafilimu. Inzake ya Blur imagwira kwambiri zinthu za 50 ndi 60 monga mpira. Mukakweza n'kuyamba kuona kamkombero kaja pamapewa a munthu, bwererani pa nambala yam'munsi.