Mawu a pa batani lalitali: kusanthula tsamba la Gboard

Mukadina kachizindikiro ka giya pamwamba pa zilembo za Gboard, pa foni ya Android, pamatuluka mndandanda wa mitu. Pamwamba penipeni pali Languages, kenako Preferences, ndipo mukamatsika mupeza Text correction, Voice typing ndi Dictionary. Mayinawa amasinthako pang'ono malinga ndi msinkhu wa pulogalamuyo, koma kasanjidwe kake n'komweko. Tsambali lidalembedwa ndi anthu, ndipo monga cholembedwa china chilichonse, lili ndi zimene likunena poyera, lilinso ndi zimene langoganiza kuti woliwerenga akuzidziwa kale. Kwa munthu wolemba Chichewa ndi Chingerezi pa foni imodzi, zosanenedwazo ndi zimene zimamugwetsa.

Vuto loyamba lili pa kasanjidwe komweko. Mutu wa Languages uli kutali ndi wa Voice typing, ngati kuti ziwirizi n'zosakhudzana. Wofuna kuti foni izimulembera akamayankhula Chichewa amathamangira ku Voice typing, poti dzinalo ndi lomwe likumuitana. Kumeneko amapeza Use voice typing, amayatsa, n'kuona ngati wamaliza. Akadina maikolofoni n'kunena kuti "ndafika bwino", pamatuluka mawu achingerezi osagwirizana, ndipo iye amangoti basi, foni siimva Chichewa. Chikhalirecho foniyo imamvetsera m'Chingerezi, chifukwa kiyibodi imene inali pa sikirini ndi yachingerezi. Maikolofoni ya Gboard imatsatira chilankhulo cha kiyibodi yomwe mwatsegula nthawi imeneyo. Ndiye kuti khutu la foni limasankhidwa pa Languages, ndipo Voice typing imangolitsegula kapena kulitseka. Tsambali silinena zimenezi paliponse pomwe diso lingagwere msanga, ndipo ine ndimaona kuti kumeneku ndi kulephera kwake kwakukulu.

Njira yake ndi iyi:

```
Settings > Languages > Add keyboard
```

Mawu akuti Add keyboard nawonso amasokeretsa. Munthu amaganiza kuti akuwonjezera mabatani ena, pomwe mabatani a Chichewa ndi a Chingerezi ndi amodzimodzi, onse pa QWERTY. Chimene chikuwonjezeredwa kwenikweni ndi nkhokwe ya mawu imene kiyibodi imayang'anamo pokupatsani mawu oti musankhe, komanso chilankhulo choti maikolofoni imvetsere. Pofufuza pa mndandandawo, mukalemba Chichewa osachipeza, lembani Nyanja. Mapulogalamu ambiri amatsatira mndandanda wa zilankhulo wa padziko lonse, momwe chilankhulo chathu chili ndi chizindikiro cha `ny`, ndipo Chichewa cha ku Malawi ndi Chinyanja cha ku Zambia ndi ku Mozambique zimawerengedwa pamodzi. Mukachipeza, sankhani QWERTY n'kudina Done. Pa Chingerezi ndimalimbikitsa English (UK), chifukwa kalembedwe kamene tidaphunzira kusukulu ndi ka ku Britain, ndipo English (US) izikusinthirani mawu amene mwalemba molondola.

Kuti foni imve Chichewa si nkhani yakale. Google Translate idalandira Chichewa mu 2014, koma kumeneko kunali kumasulira zolembedwa. Kumva mawu apakamwa kudalengezedwa mu Okutobala 2024, pamene Google idawonjezera zilankhulo 15 za mu Africa, kuphatikizapo Chichewa, Chishona, Chihausa ndi Chiyoruba. Choncho amene adayesapo kale n'kugwa mphwayi ayesenso, koma ayambe wakonzetsa Gboard yake pa Play Store kuti ikhale yatsopano. Foni yomwe idabwera ndi kiyibodi ina, monga zambiri za Samsung, iyambe yaikidwa Gboard.

Tsopano tifike pa mawu amene ndikuti ndiwo mtima wa nkhani yonse, ngakhale ali ochepa kuposa ena onse: dzina la chilankhulo lolembedwa pa batani lalitali la m'munsi, losiyira mpata pakati pa mawu. Zilankhulo zikakhala ziwiri, batanili limalembedwa dzina la chomwe chikugwira ntchito. Zilembo zake n'zazing'ono, zotuwa, ndipo chala chachikulu chimaziphimba nthawi zonse. Komatu palibenso malo ena pa kiyibodi pomwe foni imakuuzani chilankhulo chimene ikuyembekezera. Mukalikanikiza osachotsa chala, pamatuluka mndandanda wa makiyibodi anu ndipo mumasankha. Kabatani ka chithunzi cha dziko lapansi kamachita zomwezo mwachidule: kudina kamodzi, chilankhulo chasintha. Kakapanda kuoneka, kamayatsidwa pa Preferences, pa mzere wa Show language switch key. Munthu akazolowera kuponya diso pa batani lalitalilo asanadine maikolofoni, madandaulo ambiri a kulemba ndi pakamwa amatha okha.

Tiyeni titsatire uthenga umodzi kuyambira poyamba. Mwana amene ali pa ntchito ku Lilongwe akufuna kulembera mayi ake pa WhatsApp kuti watumiza ndalama ya fizi ya mng'ono wake. Pa sikirini pali maikolofoni ziwiri, ndipo ambiri amasokonezeka pomwepa. Yobiriwira, ya pambali pa bokosi lolembamo, ndi ya WhatsApp: imajambula mawu n'kuwatumiza kuti akamvedwe. Yolemba ndi ina, yaing'ono, ili pa mzere wa pamwamba pa zilembo, kudzanja lamanja. Akaidina koyamba, foni imapempha chilolezo chogwiritsa ntchito maikolofoni, ndipo iye asankhe While using the app. Akadina Don't allow mwa mantha, maikolofoniyo ikhoza kusagwiranso ntchito mpaka atapita kukakonza ku Settings ya foni yeniyeniyo, osati ya kiyibodi:

```
Settings > Apps > Gboard > Permissions > Microphone
```

Chilolezo chikaperekedwa, pamalembedwa Speak now. Mawu awiri okha, ndipo akulamula: yankhula tsopano. Sakunena kuti m'chilankhulo chiti, poti wowalemba adaganiza za munthu amene amayamba chiganizo n'kuchimaliza m'chilankhulo chimodzi. Ife sititero. Mwanayu anena kuti, "Amayi, ndatumiza ndalama ya fizi ija, twente faifi sauzande, mukatape mawa." Chiganizocho n'Chichewa chenicheni cha tsiku ndi tsiku, koma nambala yake yatchulidwa m'Chingerezi, monga timachitira tonse pa nkhani ya ndalama, masiku ndi nthawi. Mawu ngati "ndatumiza" ndi "mawa" akalembeka molakwika, mayi aja amvabe. Nambala ikalakwika, 25,000 n'kukhala 20,000 kapena 5,000, apita kwa ejenti ndi chiyembekezo china, ndipo pabuka mafunso omwe sakadayenera kubuka. Nchifukwa chake ndimati ayankhule mpaka pa "fizi ija", aime, alembe K25,000 ndi chala, kenako adinenso maikolofoni n'kumaliza. Mayina a anthu ndi a midzi nawonso awerengedwe ndi maso uthenga usanapite. Chiganizo chathunthu chachingerezi chikafunika pakati, monga kubwereza zimene abwana alemba, asinthe kaye kiyibodi pa batani lalitali lija.

Pali chinanso chimene Speak now sanena: mawu anu akupita kuti. Nthawi zambiri amatumizidwa pa intaneti ku makina a Google, n'kubwerako ali zilembo. Izi zikutanthauza kuti amene wagula bandulo ya WhatsApp yokha angathe kutumiza mauthenga bwinobwino, koma maikolofoni ya kiyibodi n'kumangozungulira osalemba kanthu, ngakhale ali mkati mwa WhatsApp momwemo, chifukwa mawuwo sakudzera njira ya WhatsApp. Kuzindikira kwake n'kosavuta: tsegulani tsamba lililonse pa Chrome. Likakana, vuto ndi bandulo kapena netiweki, osati lilime lanu. Mzere wa Faster voice typing, pa mafoni omwe ulipo, umatsitsira m'foni momwemo zofunika kuti imve popanda intaneti, koma ndi wa zilankhulo zochepa monga Chingerezi. Tanthauzo lina la ulendo wa mawuwu n'loti nambala zachinsinsi za kubanki ndi za ndalama za pa foni zisamatchulidwe pa maikolofoni.

Kubwerera ku kulemba ndi zala, mutu wa Text correction uli ndi mizere iwiri yooneka ngati yofanana koma yosiyana kwambiri. Show suggestion strip imangoonetsa mawu pamwamba pa zilembo kuti musankhe nokha. Auto-correction imasankha m'malo mwanu mukangodina batani la mpata. Dzina lakelo limaganiza kuti mawu osapezeka m'nkhokwe yake ndi olakwika. Pa kiyibodi yachingerezi, "ine" angasanduke "one", popeza i ndi o zayandikana ndipo makinawo akuti chala chaterereka. Ngakhale pa kiyibodi ya Chichewa vutoli silitheratu, chifukwa cha mmene mneni wathu amamangidwira. Tengani "sindidzakutumiziraninso": muli kukana, mwini ntchito, nthawi, wolandira, tsinde, ulemu ndi kubwereza, zonse m'liwu limodzi. Tsinde limodzi limabala maonekedwe ochuluka kotero kuti nkhokwe siingawasunge onse, ndipo amene mulibemo amakankhidwira ku liwu loyandikana nalo, mwina lopanda "si" woyambayo. Maganizo anga ndi oti Auto-correction izimitsidwe, mzere wa mawu osankha usiyidwe. Kiyibodi imaphunzira mawu amene mumalemba kawirikawiri, ndipo pakapita nthawi mzerewo umayamba kuthandiza popanda kulanda ulamuliro.

Mukadina dzina la chilankhulo pa Languages, pa mafoni ambiri mupeza Multilingual typing. Ikayatsidwa, kiyibodi imodzi imapereka mawu a zilankhulo zonse ziwiri osasinthasintha, ndipo pa batani lalitali pamalembedwa zidule za zonse ziwiri. Kwa wolemba ndi zala wosakaniza zilankhulo ndi chinthu chabwino. Koma dzinalo tisaliwerenge ngati lonjezo lakuti maikolofoni nayo imva zonse ziwiri nthawi imodzi.

Chotsala ndi nkhodolero, kachizindikiro ka mu "ng'ombe", "m'mudzi" ndi "n'kupita". Chichewa chimakafuna pafupifupi mzere uliwonse, pomwe Gboard idakabisa kuseri kwa batani la `?123`. Ambiri amangokasiya, ndipo "ng'oma" imakhala "ngoma", ng'oma yovinira n'kusanduka nyama ya m'tchire. Pa Preferences pali mzere wa Long press for symbols. Mukauyatsa, batani lililonse limakhala ndi kachizindikiro kakang'ono pakona, ndipo nkhodolero ili pa c: kanikizani c pang'ono, yatuluka. Mawu ovuta amene mumawalemba tsiku ndi tsiku aikeni pa Dictionary, mu Personal dictionary, momwe muli malo a liwulo ndi a Shortcut. Mukaika "Malaŵi" wokhala ndi kadenga pa w, n'kumupatsa chidule cha `mlw`, ndiye kuti mukalemba zilembo zitatuzo dzinalo lizionekera pa mzere wa mawu osankha, lolembedwa mmene mumafunira.