Kujambula timagetsi ta Khirisimasi kukadali chisisira

Chaka chatha tinakongoletsa khonde la amayi ndi timagetsi ta Khirisimasi, kenaka ndinadikira kuti kude bii ndisanajambule chithunzi chotumizira achemwali ku Joni. Anayankha kuti, "Achimwene, nanga nyumbayo ili kuti?" Sananame. Pachithunzipo pankaoneka timadontho toyera mbee mumdima, koma khoma, chitseko ndi mpando wa amayi zinali zitasowa.

Cholakwika chinali nthawi. Diso la munthu limatha kuona babu woyaka ndi khoma la mumdima pa kamodzi, koma kamera ya foni imavutika. Ikafuna kuonetsa khoma, mababu ofiira ndi obiriwira amayera onse n'kutaya mtundu. Ikasamala mababu, khoma limamira. Nthawi imene zonse zimagwirizana ndi ya chisisira, dzuwa litangolowa, thambo likadali lobiriwira moderako. Apo kuwala kwa kumwamba kumakhala kutatsika mpaka kufanana mphamvu ndi timagetsi.

Kwathu kuno nthawiyi ndi yaifupi. Kumapeto kwa Disembala dzuwa limalowa 6 koloko itangopitirira, ndipo pakatha theka la ola kumakhala kutada. Kukachita mitambo ya mvula, mdima umafulumira kuposa apo. N'chifukwa chake mawa lake ndinayatsa timagetsi dzuwa lisanalowe, n'kusankhiratu poima: chammbali pang'ono, kuti chingwe cha mababu chitsogolere diso ku chitseko, mtengo wa mango ndi kachigawo ka thambo zilowenso. Timagetsito ndinatitchera kuti tiziyaka osaphethira, poti tikamathwanima foni imagwira tina titazima.

Ndinapukuta galasi la kamera ndi nsalu yofewa, chifukwa mafuta a zala ndi amene amachititsa kuti babu aliyense atuluke ndi mizere ngati utsi. Fulashi ndinaizimitsa chifukwa imayeretsa zapafupi n'kupha kuwala kofunda kumene tinavutikira. Foni ndinaitsamiritsa pa njerwa ziwiri pamwamba pa mpando, ndinadina pamene pali mababu, n'kutsitsa kachizindikiro kadzuwa mpaka ofiira anaonekadi ofiira. Ndinatchera masekondi 3 kuti chala chisagwedeze foni, ndipo ndinkajambula pakapita mphindi ziwiri zilizonse. Zithunzi zoyamba zinawala kwambiri, timagetsi tosaoneka mphamvu. Zomaliza zinada. Chabwino chinali chapakati, amayi atakhala phee pambali pa chitseko, kuwala kwa mababu kukugwa pa tsaya lawo ndi pa chitenje.

Kwa ine, chithunzi chotere chimapambana ngati wakutali akuzindikira pakhomo pawo, osati kungowerenga mababu. Potumiza pa WhatsApp ndinadina HD, chifukwa chithunzi chikafinyidwa, malo akuda ndi amene amayamba kuchita mabala. Achemwali anachikulitsa mpaka anaona mtondo uli pakona, n'kufunsa ngati ndi womwe uja ankasinjira ali mtsikana.