Kompyuta Ikamasankha Yokha Zoyambitsa Malungo: Vuto la Njira ya Sitepuwaizi

Ku Machinga ndi ku Balaka kumachitika kafukufuku wambiri wa malungo. Maboma awiriwa anali m'gulu la maboma 11 amene anayamba kupereka katemera wa malungo wa RTS,S m'chaka cha 2019, ndipo alangizi a zaumoyo ndi anthu ongodzipereka a ku Ntaja, Liwonde ndi Ulongwe anazolowera kuyenda khomo ndi khomo ndi mapepala a mafunso. Mayankho akasonkhanitsidwa, lipoti limabwera ndi tebulo la zinthu zinayi kapena zisanu zimene akuti "zikugwirizana ndi malungo". Funso limene silifunsidwa kawirikawiri ndi lakuti: mafunso anali 30, nanga anasankha zisanuzi ndani?

M'malipoti ambiri a zaumoyo padziko lonse, wosankha amakhala kompyuta, pogwiritsa ntchito njira yotchedwa sitepuwaizi. Mu pulogalamu ya Stata lamulo lake ndi `stepwise`, ndipo mu R ndi `step()`. Njirayi ndi yosavuta komanso imaoneka yosakondera, koma zotsatira zake zimaoneka zokongola kuposa mmene zinthu zilili.

Mmene njirayi imagwirira ntchito

Wofufuza amafuna kupanga modelo, kutanthauza masamu oonetsa mmene zinthu zingapo zikugwirizanirana ndi matenda. Kompyuta imayesa chinthu chilichonse, n'kulowetsa mu modelo chimene chikuoneka champhamvu kwambiri, kenako n'kuyesanso zotsala. Ikhozanso kuyamba ndi zonse n'kumachotsa chofooka chimodzichimodzi. Muyeso wake nthawi zambiri ndi nambala ya p: chimene p yake ili pansi pa 0.05 chimatsala, china chimatayidwa. Ofufuza ena amayamba ndi kusefa pamanja, kutenga zokhazo zimene p yake ili pansi pa 0.2 poziyesa pazokha. Kusefa kotere kuli ndi vuto lomwelo.

Nachi chitsanzo chongoyerekeza. Gulu lofufuza layeza magazi a ana 400 m'midzi yozungulira Ntaja, ndipo ana 60 apezeka ndi malungo. Pa mwana aliyense pali mayankho 30: msinkhu, kugona m'neti, mtundu wa denga, mtunda wofika kudambo, maphunziro a mayi, kukhala ndi wailesi, kuweta mbuzi ndi zina. Kompyuta yasiya zisanu, ndipo chimodzi mwa izo ndi kuweta mbuzi.

Mwayi umaoneka ngati umboni

Malire a 0.05 amatanthauza kuti chinthu chimene sichikhudzana n'komwe ndi malungo chikhoza kudutsa kamodzi pa maulendo 20 mwamwayi chabe. Izi n'zopiririka ngati funso ndi limodzi, lokonzedweratu. Koma mafunso akakhala 30, onse opanda pake ndiponso osadalirana, mwayi woti limodzi kapena angapo adutse ndi 1 − 0.95^30, umene ndi pafupifupi 79 pa 100. Choncho mbuzi zija zikhoza kulowa m'tebulo popanda chifukwa chilichonse, ndipo tebulolo silinena kuti panali mafunso ena 25 amene anatayidwa.

Katswiri wa masamu David Freedman anaonetsa izi m'chaka cha 1983. Anapanga manambala ongobwera mwamwayi, mizere 100 ndi zinthu 50 zolosera, zonse zosagwirizana ndi chimene chinkaloseredwa. Anasefa zimene p yake inali pansi pa 0.25, zinatsala 15, n'kupanganso modelo ndi zokhazo. Pa ulendo wachiwiriwu zinthu 6 zinadutsa malire a 0.05, ndipo modelo yonse inaoneka yamphamvu kwambiri. Munalibe choonadi chilichonse m'manambalawo. Chinasokoneza n'chakuti manambala omwewo anagwira ntchito ziwiri, kusankha zinthu ndi kuchitira umboni zimene zasankhidwa. Zili ngati mwana wasukulu amene wadzisankhira mafunso a mayeso ataona kale mayankho.

Chinthu chenicheni chimakuzidwa

Vuto lachiwiri limagwera ngakhale zinthu zimene zilidi ndi mbali pa malungo. M'chitsanzo chija, ngati theka la ana amagona m'nyumba zofolera udzu, ndipo OR yeniyeni ya denga la udzu ndi 1.5, kafukufuku wa ana 400 sangapeze 1.5 ndendende. Gulu lina la ana lingapereke 1.1, lina 1.6, lina 2.3, malinga ndi ana amene apezeka pakhomo tsikulo. Ndi odwala 60 okha, OR iyenera kufika cha pa 1.7 kuti p itsike pansi pa 0.05.

Zotsatira zake n'zakuti pa akafukufuku 10 otere, pafupifupi 7 adzataya denga la udzu ngati kuti lilibe kanthu. Atatu otsalawo adzalisunga, koma onse adzalemba nambala yoposa 1.5, ndipo pakatikati pake padzakhala cha pa 2. Amene walitaya walakwa, amene walisunga wakokomeza. Malire a CI olembedwa pambali pake amakhalanso opapatiza kuposa mmene ayenera kukhalira, chifukwa kompyuta imawawerengera ngati kuti zinthu zisanuzo zinasankhidwa kafukufuku asanayambe.

Kukula kwa kafukufuku nakonso kumawerengedwa molakwika. Pali lamulo lachidule, lochokera ku ntchito ya Peduzzi ndi anzake ya 1996, lakuti pa chinthu chilichonse cholowa mu modelo pakhale odwala osachepera 10. Lipoti lingadzitame kuti 60 kugawa ndi 5 ndi 12. Koma zoyenera kuwerengedwa ndi zinthu zonse zimene kompyuta inayesa, ndipo 60 kugawa ndi 30 ndi 2 basi.

Mndandanda sukhazikika

Zinthu zambiri za m'mudzi zimayendera limodzi. Banja la denga la malata nthawi zambiri ndi lomwe lili ndi wailesi, njinga ndi mayi wopitako kusukulu. Sitepuwaizi imatenga chimodzi mwa izi n'kutaya zinzake, ndipo chimene chapambana chikhoza kusintha pongochotsa ana ochepa. M'chaka cha 2004, Peter Austin ndi Jack Tu a ku Canada anayesa izi pa odwala matenda a mtima oposa 4,900, ndi zinthu 29. Atabwereza kusankhako maulendo 1,000 pa magulu otengedwa mwamwayi mwa odwala omwewo, njira yochotsa chimodzichimodzi inatulutsa mamodelo osiyana 940. Ngati zili choncho pa anthu zikwi, ana 400 sangapereke mndandanda wodalirika.

Kompyuta siidziwanso dera. Siidziwa kuti malungo amakwera m'nyengo ya mvula, kuti midzi ya kufupi ndi nyanja ya Chilwa ndi yosiyana ndi ya ku Phalula, kapena kuti maneti amagawidwa kwambiri kumene udzudzu uli wambiri. Ikataya nyengo kapena dera chifukwa p yake ndi 0.08, kafukufuku angaonetse ngati neti siteteza, pomwe vuto n'lakuti ana ogona m'neti ndi omwe amakhala kumene kuli udzudzu wochuluka.

Oikira kumbuyo njirayi amati imathandiza pamene mafunso ali ambiri ndipo palibe chodziwika kale. Mfundoyi ili ndi pake: odwala akakhala ochuluka kwambiri poyerekeza ndi mafunso, kukokomeza kumachepa, ndipo kuyamba ndi zonse n'kumachotsa kuli bwinoko kusiyana ndi kulowetsa chimodzichimodzi. Koma za malungo zambiri n'zodziwika kale, ndipo akafukufuku a m'boma limodzi nthawi zambiri amakhala aang'ono.

Njira zabwinopo

Choyamba ndi kufotokoza cholinga. Ngati funso ndi lakuti kodi neti ikuteteza ana, wofufuza ajambule chithunzi cha mivi choonetsa chimene chimayambitsa chinzake, asanaone zotsatira za magazi. Pulogalamu yaulere ya DAGitty imathandiza pa ntchitoyi. Zinthu zimene zimakhudza kukhala ndi neti komanso kudwala malungo, monga msinkhu, nyengo, dera ndi chuma cha banja, zilowe mu modelo ndipo zikhalemo, kaya p yake ndi yotani. Apa mlangizi wa zaumoyo amene wakhala m'deralo zaka zambiri amadziwa zimene kompyuta singadziwe.

Chachiwiri ndi kuchepetsa mafunso popanda kuyang'ana amene adwala. Denga, wailesi, njinga ndi ziweto zingaphatikizidwe kukhala muyeso umodzi wa chuma. Funso limene pafupifupi aliyense wayankha mofanana lichotsedwe. Ndi odwala 60, zinthu 6 zosankhidwiratu ndiwo malire, ndipo zonse zilembedwe mu lipoti, zodutsa ndi zosadutsa zomwe.

Ngati cholinga ndi kulosera, monga kudziwa mwana woyenera kumutumiza msanga ku chipatala cha boma ku Liwonde, pali njira zochepetsa dala kukula kwa manambala a mu modelo kuti asakokomeze. Yodziwika kwambiri ndi laso, imene Robert Tibshirani anaifotokoza mu 1996, ndipo imapezeka mu `glmnet` ya R. Laso imathandiza kulosera, koma si umboni wakuti zimene yasunga ndizo zoyambitsa matenda, ndipo singapulumutse kafukufuku wochepetsetsa.

Pomaliza, modelo iyesedwe. Njira ya butisitirapu imatenga ana mwamwayi m'gulu lomwelo maulendo mazana angapo, n'kubwereza ntchito yonse, kuphatikizapo kusankha kwenikweniko. Ikatero imaonetsa kuti chinthu chilichonse chasankhidwa kangati, ndiponso kuti kulosera kwakokomezedwa motani. Mbuzi zikasankhidwa maulendo 30 pa 100 okha, nkhani yake yathera pomwepo. Kugawa ana 400 pawiri kuti theka likhale loyesera sikuthandiza, chifukwa mbali iliyonse itsala ndi odwala 30. Mayeso enieni ndi kutenga modelo ya ku Ntaja n'kukaiyesa pa ana a ku Ulongwe, kapena pa ana a chaka chotsatira.

Zoyenera kufunsa lipoti likafika

Wogwira ntchito zaumoyo safunika kudziwa masamu onsewa kuti aweruze lipoti. Ayang'ane gawo lofotokoza njira ndi kufunsa mafunso atatu. Kodi zinthu zimene zinayesedwa poyamba zinali zingati, ndipo odwala anali angati? Kodi zolowa mu modelo zinasankhidwa zotsatira zisanaoneke, kapena zinasankhidwa ndi p? Kodi modeloyo inayesedwa pa anthu ena?

Ngati yankho ndi lakuti kompyuta inasankha yokha, tebulolo liwerengedwe ngati mndandanda wa zinthu zofunika kuzifufuzanso. Lisakhale chifukwa chosinthira uthenga wopita kumidzi, kapena chosiyira banja lina popanda kuliyendera. Masiku a munthu wongodzipereka ndi ochepa, ndipo tsiku limene wathera pouza anthu za makola a mbuzi ndi tsiku limene sanaone ngati neti ya mwana ili yong'ambika.