Mukutsutsa mfundo yachingati?

Pali chizolowezi china pakati pa ophunzira filosofi chimene chimanditopetsa, ndipo chimanditopetsa kwambiri chifukwa aphunzitsi ena amachipatsa malikisi. Munthu wauzidwa kuti awerenge nkhani ya wafilosofi n'kuifupikitsa. Iye amatenga ndime yoyamba n'kuinena m'mawu ake, yachiwiri chimodzimodzi, mpaka kukafika kumapeto. Akatero amawonjezera chiganizo chimodzi chakuti iyeyo sakugwirizana nazo popeza moyo suyenda choncho. Pepala lotere limaoneka laudongo, koma mwini wake sanakhudze n'komwe mkangano umene wolemba anabweretsa. Wangomutsata pambuyo. Za aja amene amapaka tsamba lonse utoto wachikasu, kapena kujambula mabokosi olumikizana ndi mivi mbali zonse, sinditaya nazo nthawi.

Ntchito yeniyeni ndi yochepa polemba koma yowawa pochita. Upeze chigamulo cha wolemba, upeze mfundo zoyambira zimene chigamulocho chatsamirapo, uziike manambala, kenaka upeze chotsutsa champhamvu kuposa zonse. Zonsezi zimakwana theka la tsamba. Ine ndimati luso lonse lagona pa chomalizachi, ndipo chotsutsa chimene sichingatchule nambala ya mfundo imene chikulimbana nayo ndi dandaulo chabe.

Titenge nkhani imene ophunzira ambiri amakumana nayo m'chaka choyamba, ya Peter Singer wa ku Australia, yotchedwa Famine, Affluence, and Morality. Anailemba chakumapeto kwa 1971, pamene anthu mamiliyoni ambiri a ku East Bengal, kumene lero ndi Bangladesh, anali atathawa kwawo chifukwa cha nkhondo n'kumafa ndi njala ndi matenda, ndipo inasindikizidwa mu 1972. M'masamba oyambirira Singer akuyerekeza thandizo limene Britain ndi Australia anapereka ndi ndalama zimene anathira pa ndege ya Concorde ndi pa nyumba ya zisudzo ya ku Sydney. Wofupikitsa ndime ndi ndime amakopera zonsezi mwakhama. Komatu si mfundo zoyambira. Zichotseni, mkangano utsala chilili, ndipo ndi mmene mumadziwira chimene chili chofunika ndi chimene changobwera kudzautsa mtima wa wowerenga.

Yambirani ku chigamulo, chifukwa simungadziwe chimene chikuchirikiza chinthu musanadziwe chinthucho. Ambiri amalemba kuti Singer akuti kuthandiza osauka n'kwabwino. Akadakhala kuti ananena zimenezo, bwenzi palibe amene akumuwerenga lero, pakuti ndani angakane? Chigamulo chake n'cholasa kuposa apo: munthu wopeza bwino amene sapereka ndalama zake zambiri kukapulumutsa akufa ndi njala akulakwa, ndipo kuperekako ndi udindo, si chifundo choti tizimuyamikira nacho. Chigamulo chikaoneka chosavuta kuchivomera, kawirikawiri ndiye kuti mwachifewetsa nokha.

Tsopano mfundo zoyambira. Yoyamba: kuvutika ndi kufa chifukwa chosowa chakudya, pogona ndi mankhwala n'koipa. Singer sataya nthawi kuiikira kumbuyo, ndipo ifenso tisataye. Yachiwiri: ngati tingathe kuletsa choipa popanda kutaya china cholemera mofanana nacho, tiyenera kuchiletsa. Apa wophunzira amafulumira kulemba chigamulo pansi pake, n'kumati wamaliza. Sanamalize. Yesani motere: vomerani ziwirizo ndi mtima wonse, kenaka onani ngati mungakanebe chigamulo popanda kudzitsutsa. Mungathe ndithu. Munthu anganene kuti njala ndi yoipa, kuti tiyenera kuletsa choipa pamene tingathe, koma ndalama zake sizingaletse imfa ya wina aliyense ku Bengal. Ndiye kuti pali mfundo yachitatu imene inabisala: kupereka ndalama ku mabungwe othandiza kumaletsadi imfa zoterezi, ndipo woperekayo sataya kanthu kofanana ndi moyo wa munthu. M'nkhani ya 1972 mfundoyi sinaime payokha pambali pa zinzake. Singer mwini anadzailemba poyera ngati mfundo yachitatu m'buku lake la 2009, The Life You Can Save. Wowerenga amene waifukula yekha wachita chinthu chimene wofupikitsa sangachite ngakhale atalemba masamba khumi.

Nanga mwana uja wa m'dziwe, amene aliyense amamukumbukira? Singer akuti tiyerekeze kuti ukudutsa pafupi ndi dziwe losazama, mwana akumira, ndipo kumuvuula kungokudetsera zovala ndi matope. Ophunzira amakonda kumuika mwanayu ngati mfundo yoyambira payekha. Malo ake si amenewo. Iye ali pansi pa mfundo yachiwiri, ndipo ndi amene amatichititsa kuivomera tisanaiyang'anitsitse. Musaiwale pamene mwamuika, chifukwa nkhondo yeniyeni ili pomwepo.

Chinanso chimene ambiri amachidumpha n'chakuti mfundo yachiwiri ili mitundu iwiri. Yolimba ndi ija tanena kale, ya kutaya chinthu cholemera mofanana, ndipo imakufikitsa popereka mpaka iwe ndi banja lako mutatsala pang'ono kufanana ndi wothawa nkhondo uja. Yofewa imangoti upereke pokhapokha ngati kuteroko sikukutayitsa kanthu kalikonse kolemera pa nkhani ya chabwino ndi choipa. Singer amakhulupirira yolimbayo, koma akuti ngakhale yofewayo ndi yokwanira kusintha kwambiri kakhalidwe ka anthu olemera. Amene walemba mtundu umodzi wokha amatha kugwetsa yolimba n'kuyamba kuvina, osadziwa kuti yofewa idakali chiimire.

Tafika pa zotsutsa, ndipo apa ndi pamene mapepala ambiri amandikwiyitsa. Wina amalemba kuti Bengal ndi kutali pomwe mwana wa m'dziwe ali pafupi. Wina amati pali anthu ena mamiliyoni amene akanathandiza. Zonse ziwirizi Singer anaziyankha m'nkhani yomweyo: kutalika kwa mtunda sikuchepetsa kuipa kwa imfa, ndipo kukhalapo kwa anthu ena oonerera m'mbali mwa dziwe sikukumasula iwe kuti mwana amire. Kubweretsa chotsutsa chimene wolemba anachiyankha kale, osatchula yankho lake, ndi umboni wakuti sunawerenge mpaka kumapeto. Wachitatu amati palibe munthu amene amakhala moyo wotero, ngakhale Singer yemweyo. Chabwino, koma mukutsutsa mfundo yachingati? Palibe. Mwangodana ndi chigamulo, ndipo ngati mwavomera mfundo zonse zitatu, chigamulocho ndi chanu kaya mukuchikonda kaya ayi.

Ochenjererapo amapita pa mfundo yachitatu, ndipo amenewa ndimawalemekeza pang'ono chifukwa nambala ali nayo. Kuno kwathu amakonda kutchula Dambisa Moyo wa ku Zambia ndi buku lake la 2009, Dead Aid. Vuto n'lakuti Moyo ankakamba za ndalama zimene maboma ndi mabungwe akuluakulu obwereketsa amapatsa maboma a mu Africa, ndipo thandizo la pangozi anali ataliika pambali. Ena amatchula Garrett Hardin, amene mu 1974 ananena kuti kudyetsa maiko osauka kungochulukitsa anthu n'kubweretsa njala yoposa. Zoterezi nazonso Singer anali atazionera patali: ngati ndi choncho, perekani ndalama zanuzo ku ntchito zochepetsa kuchulukana kwa anthu. Ndi mmene zimathera zotsutsa zonse za pa mfundo yachitatu. Zimangosintha kumene ndalama zikupita, koma m'thumba mwanu zichokabe. Mungamutsutse munthu bwanji ndi chinthu chimene iye angachivomere akumwetulira?

Chotsutsa champhamvu chimayamba ndi kumupatsa wolemba zonse zimene angapatsidwe. Inde, mwana wa m'dziwe uyenera kumuvuula, palibe zokambirana. Koma mawa podutsa pomwepo wapezanso wina. Masana wina. Madzulo awiri. Mfundo yachiwiri imakuuza kuti nthawi iliyonse uyeze chimene ukutaya tsopano ndi moyo wa mwana amene ali pamaso pako, ndipo nthawi iliyonse moyo upambana: ola limodzi la ntchito, malaya amodzi, ndalama ya basi, palibe chofanana ndi mwana. Choncho mfundoyi sidzakuuza kuti basi wakwanitsa, ngakhale ntchito itakuthera ndipo ana ako atakula osakuona. Komatu pamene tinkavomera mofulumira za dziwe lija, tinkaganiza za mwana mmodzi, tsiku limodzi, zovala zochapika. Chitsanzo cha kamodzi chagwiritsidwa ntchito kutigulitsa lamulo la tsiku ndi tsiku mpaka imfa. Chotsutsachi sichikunena kuti mfundo yachiwiri ndi yowawa. Chikunena kuti umboni umene unaperekedwa ndi waung'ono kuposa mfundo imene ukuchirikiza. Garrett Cullity anazama pa vuto la kubwerezabwerezali m'buku lake la 2004, ndipo Travis Timmerman anabweranso nalo mu 2015. Ndipo aliyense wa pantchito m'tauni amene foni yake imalira mwezi ukamatha, uyu wa fizi, uyu wa kuchipatala, uyu wa feteleza, akudziwa kale kuti pempho lililonse palokha ndi losakanika, koma onse pamodzi angakumalize.

Musaimire pomwepo. Chizindikiro chakuti mwapeza chotsutsa choyenera n'chakuti wolemba sangachithawe popanda kulipira kanthu, ndiye lembani chimene angalipire. Singer ali ndi njira ziwiri. Angalimbe mtima n'kunena kuti ngati dziko ladzaza ndi ana omira, choopsa ndi dzikolo, osati mfundo yake. Pamenepo wasunga mfundo, koma dziwe silikumuthandizanso, ndipo afunika umboni wina. Kapena angathawire ku mtundu wofewa uja, n'kunena kuti zotaya zazing'onozing'ono zikaunjikana zimasanduka chinthu cholemera ndipo munthu angaime. Apo funso likhala lakuti aime pati, ndipo mfundo imene inkaoneka yakuthwa yasanduka yoti aliyense aziikoka mmene akufunira. Ine ndikuona kuti njira yachiwiriyi ndi imene ili yoona, ndipo ngakhale itafooka chotero imatisiyabe ambiri a ife tili olakwa. Wina angaone mosiyana, bola anene nambala.

Ndikudziwa kuti si zolemba zonse zimene zimalola kuchitidwa chonchi. Nietzsche mukamuika manambala mumatsala ndi zochepa, ndipo zokambirana zina za Plato zimatha dala popanda chigamulo. Koma nkhani zambiri zimene ophunzira amapatsidwa ndi za mtundu wa Singer, ndipo kubisala kumbuyo kwa Nietzsche ndi ulesi womwe uja. Inu amene mumachonga mapepala, lekani kupereka malikisi chifukwa cha kuchuluka kwa masamba. Pepala limene chotsutsa chake sichikuloza mfundo ina iliyonse libwezeni kwa mwini wake akalembenso.