Misozi Itatu m'Mphindi 7

Buku la Terry Axelrod, The Benevon Model for Sustainable Funding, likufotokoza njira yopezera ndalama za mabungwe othandiza anthu, yomwe mayiyu anayiyamba pothandiza sukulu ina ya mumzinda wa Seattle ku Amereka. Pachimake pa njirayi pali msonkhano waulere wa ola limodzi. Alendo amakhala khumi khumi pa tebulo, mtsogoleri wa bungwe amalankhula, amaonetsa kanema, wina amapereka umboni, ndipo pomaliza aliyense amapemphedwa kulonjeza ndalama zopereka kwa zaka zisanu.

Gawo lomwe landigwira mtima ndi la kanemayo. Axelrod akufuna kanema wa mphindi 7 wogwetsa anthu misozi katatu. Poyamba kumva, zikuoneka ngati kuseweretsa mitima ya anthu, koma ine ndikuona nzeru m'kamangidwe kake. Tiyerekeze kuti bungwelo ndi sukulu. Nkhani yoyamba ikhale ya mwana amene ankabisa kuti satha kuwerenga, kenaka timuone akuwerengera mng'ono wake. Owonera amapuma pamenepo. Yachiwiri ikhale ya kholo, yachitatu ya mphunzitsi. Nkhani iliyonse itenge mphindi ziwiri, itsikire m'vuto ndi kukwereranso kumpumulo. Chisoni chikapitirira mphindi zonse 7 popanda popumira, anthu amayamba kuyang'ana pansi kapena pa foni, ndipo mukaona zimenezo dziwani kuti kanemayo walemera mopyola. Komanso misozi yomwe imatsegula thumba nthawi zambiri imagwa pamene munthu wadzuka, osati pamene wagwa.

Nzeru yoika munthu mmodzi patsogolo ili ndi umboni. Mu 2007, Deborah Small, George Loewenstein ndi Paul Slovic anapeza kuti anthu ankapereka zambiri atamva za Rokia, mtsikana wa zaka 7 wa ku Mali, kusiyana ndi pamene anauzidwa ziwerengero za anthu ovutika ndi njala, kuphatikizapo ana a ku Malawi. Ataphatikiza ziwerengerozo ndi nkhani ya Rokia, zopereka zinatsika. Choncho ziwerengero ndi bwino kuzisiyira mtsogoleri wolankhula kanema asanayambe.

Chomwe chikundivuta ndi mbali ya wojambulidwayo. Bukuli lalembedwa maso ali pa wopereka, ndipo lamulo la kulira katatu likhoza kuchititsa wojambula kufunsa mayi wamasiye funso lomwelo mobwerezabwereza mpaka atalira. Ife amene taona ana athu akuonetsedwa kunja ndi ntchentche m'maso sitingaitenge nkhaniyi mopepuka. Wogwiritsa ntchito bukuli awonjezere yekha izi: wojambulidwa aone kanemayo asanaonetsedwe pagulu, akhale ndi ufulu wochotsa chomwe sakufuna, ndipo adziwe kuti akakana sataya thandizo lomwe amalandira.