Mmene Korda anadulira chithunzi cha Che Guevara

Nkhope ya Che Guevara imene timaiona pa masikipa, pa zipewa ndi pa zomata za m'magalimoto inachokera pa kachidutswa ka filimu ka mamilimita 36 m'litali ndi 24 m'lifupi. Pa kachidutswako Che sali yekha. Kumanzere, m'mphepete mwenimweni, kuli mwamuna wina amene nkhope yake ikuonekera cham'mbali, ndipo malire a chithunzi amudula. Kumanja kukulendewera masamba a kanjedza. Che ali pakati, thambo lotuwa lili kumbuyo kwake. Munthu akaona koyamba chithunzi chathunthucho amadabwa kuti ndi chithunzi wamba ndithu, cha mtsogoleri ataima pa nsanja pakati pa anzake. Chinasanduka chithunzi chimene dziko lonse likuchidziwa pamene wojambula wake, Alberto Korda, anasankha podula.

Anachijambula pa 5 Malichi 1960 mumzinda wa Havana ku Cuba. Dzulo lake sitima yapamadzi ya ku France yotchedwa La Coubre, imene inanyamula zida zankhondo kuchokera ku Belgium, inaphulika padoko n'kupha anthu osachepera 75. Pamwambo wa maliro Fidel Castro ankalankhula, ndipo Korda, amene ankajambulira nyuzipepala ya Revolución, anali pansi pa nsanja ndi kamera yake ya Leica M2, lenzi ya mamilimita 90 ndi filimu ya Kodak Plus-X. Che anatulukira kutsogolo kwa nsanja kwa kanthawi kochepa, n'kuyang'ana khamulo, kenako n'kubwerera m'mbuyo. Korda anakwanitsa kutola kawiri kokha. Koyamba kamera inali chogona, kachiwiri anaiimika.

Luso lake linayambira pa kusankha pakati pa ziwirizi. Chithunzi cha nkhope ya munthu mmodzi chimafuna kukhala choimirira, motero wina aliyense akanathamangira chachiwiricho, chimene chinali kale m'maonekedwe oyenera. Korda anachisiya chifukwa pamwamba pa phewa la Che pankaonekera mutu wa munthu wina amene anali kumbuyo. Anatenga chogonacho, ngakhale chinali ndi munthu wosafunika kumanzere ndi mtengo kumanja. Anaona kuti pakati pa munthuyo ndi Che pali mpata wa thambo lopanda kanthu, ndipo mu mpata wotero mzere wowongoka ungadutse osakhudza aliyense. Kudula chithunzi kulibe njira ina koma mizere inayi yowongoka. Mzere sungakhote kuti uzungulire mutu umene wagundana ndi phewa. Mlendo amene waima payekha m'mphepete amachoka mosavuta ngakhale akhale wamkulu bwanji, koma kamutu kakang'ono kamene kakhudzana ndi munthu amene mukumufuna sikachoka ndi kudula. Ine ndimasirira kwambiri chisankho chimenechi, chifukwa Korda sanafunse kuti chithunzi chokongola ndi chiti monga mmene zinalili. Anafunsa kuti ndi chiti chimene chingadulike bwino.

Kodi munthu wa m'mphepeteyo ankawononga chiyani? Maso athu amathamangira nkhope ya munthu kuposa china chilichonse, ndipo nkhope yodukizidwa ndi malire imawakoka kwambiri, popeza imadzutsa mafunso. Ameneyu ndani? Akuyang'ana chiyani? Ali ndi ena kuseriko? Woonera amayamba kuganiza za zimene zili kunja kwa chithunzi m'malo mwa zimene zili mkati. Komanso munthuyo amapereka muyeso. Akakhalapo, Che ndi munthu wa msinkhu ngati wa anzake, mmodzi pa gulu. Kanjedza nayenso amanena malo, kuti kuno ndi kotentha, ndi panja, ndi tsiku lakutilakuti. Zonsezi zikachoka, patsala nkhope, tsitsi, chipewa cha nyenyezi ndi jekete lotsekedwa mpaka m'khosi, zojambulidwa kuchokera m'munsi, popanda chilichonse chonena kuti munthuyu ali kuti.

Anthu ambiri podula amangoyang'ana amene akumuchotsa. Amasuntha mzere mpaka mlendoyo asowe, n'kuima pomwepo. Chotsatira chake ndi chithunzi chopendekeka, mbali imodzi yothina, ina yotayirira. Akanachita zimenezi Korda, Che akanakhala atakankhikira kumanzere, kumanja kukanatsala thambo lalikulu ndi masamba. Iye anadula mbali zonse ziwiri, ndipo mzere uliwonse anauika poyang'ana amene watsala. Mapewa a Che amatsika n'kufika m'mbali mwa chithunzi, kotero thupi limakhala ngati maziko otakata amene mutu wakhalapo. Tsitsi lake lotambalala lili ndi mpata wokwanira wa thambo mbali zonse, losagunda malire. Pamwamba pa chipewa pali danga, koma si lalikulu moti nkhope n'kumira. Maso ali m'mwamba pang'ono kuposa pakati. Korda asanakhale wojambula wa nkhani ankajambula mafashoni ndi zotsatsa malonda mu situdiyo yake ku Havana, ndipo dzanja la munthu wozolowera kuika nkhope pamalo pake likuonekera apa.

M'masiku a filimu ntchitoyi inkachitika pang'onopang'ono. Wojambula ankatenga makatoni awiri odulidwa ngati chilembo cha L, n'kuwayang'anitsa pa chithunzi choyesera kuti apange zenera la makona anayi. Akasuntha katoni imodzi zenera limachepa kapena kukula, ndipo amatha kuyesa malire ambiri asanadule kanthu. Akakhutira ankalemba mzere ndi pensulo, n'kupita m'chipinda cha mdima kukakweza makina okulitsira mpaka gawo losankhidwalo litadzaza pepala. Negetivu sinkadulidwa, n'chifukwa chake lero tikutha kuona chithunzi chathunthu cha tsiku limenelo. Pa foni makatoni aja ndi timakona timene timakoka ndi chala, ndipo mfundo yosunga choyambirira ndi yomweyo. Mafoni ambiri amalola kubwezera chithunzi mwakale, koma chimene mwalandira pa WhatsApp kapena chimene mwachijambulanso pa sikirini chilibenso kobwerera.

Kudula kuli ndi mtengo wake, ndipo mtengowo umawerengeka. Tiyerekeze kuti Korda anasunga msinkhu wonse wa negetivu, mamilimita 24, ndipo akufuna chithunzi choimirira cha mainchesi 8 ndi 10. Ndiye kuti m'lifupi atsala ndi mamilimita pafupifupi 19 pa 36 aja. Pafupifupi theka la filimu latayika. Kuti mamilimita 24 adzaze mainchesi 10, ayenera kukulitsa koposa ka 10, pamene negetivu yojambulidwa choimirira ikanadzaza pepala lomwelo ataikulitsa ka 8 ndi theka. Kukulitsa kukamawonjezeka, timadontho ta filimu timaonekera ndipo m'mbali mwa zinthu mumafewa. Pa chithunzi cha Che kufewako kulipo, koma sikupweteka, chifukwa mphamvu yake ili pa mbali zikuluzikulu zakuda ndi zoyera, osati pa tinthu ting'onoting'ono.

Masamu omwewa amagwira pa foni. Chithunzi chogona cha mapikiselo 4000 ndi 3000, mukachidula kuti chikhale choimirira pa muyeso womwe uja, chimatsala 2400 ndi 3000. Osindikiza amafuna mapikiselo 300 pa inchi kuti chituluke chakuthwa, ndiye ichi chikwanira ndendende mainchesi 8 ndi 10. Koma ngati munthu amene mukumufuna anaima patali, ndipo mwatsala ndi 600 ndi 750, kukula kwake kwabwino ndi mainchesi 2 ndi 2 ndi theka basi. Pa foni chidzaoneka bwinobwino, pa pepala lalikulu maso ndi mano zidzapakika. Njira yodziwira msanga ndiyo kuona manambala a kukula kwa chithunzi mutadula, ndi kukulitsa pa diso la munthuyo kuti muone ngati zikope zikusiyanitsika.

Palinso zotsalira, zimene zimaulula ntchito yothamangira. Mlendo amachoka koma chigongono chake chimatsala m'mphepete, kapena nsonga ya nsapato m'munsi, kapena mthunzi wake pakhoma. Amene anakonzapo chithunzi cha pa maliro kuchokera pa chithunzi cha gulu amadziwa vuto la dzanja lotsala pa phewa la malemu. Dzanja limenelo ndi lofanana ndi mutu umene unakanitsa Korda chithunzi chake chachiwiri, ndipo nthawi zambiri mankhwala ake ndi kufunafuna chithunzi china. Chotsalira chovuta kuchiona ndi maso. Ngati munthu wanu ankaseka akuyang'ana amene mwamudulayo, adzatsala akusekerera malire a pepala, mphuno itatsala pang'ono kugunda m'mphepete. Mbali imene munthu wayang'ana imafuna mpata wochulukirapo. Korda analibe vutoli, popeza Che sankayang'ana aliyense wa pa nsanjapo. Maso ake anali patali, pamwamba pa khamu, ndipo palibe chimene chinaduka munthu wa pambali uja atachoka. Mukatha kudula, yendetsani maso m'mphepete monse mwa mbali zinayi musanayang'ane pakati, ndipo onetsetsani kuti mzere sunadutse pa mfundo za thupi monga pa chigongono, pa bondo kapena pa khosi.

Si akatswiri onse amene amavomereza kudula. Henri Cartier-Bresson wa ku France ankafuna kuti zithunzi zake zisindikizidwe zathunthu, ndi mzere wakuda wa m'mphepete mwa filimu ukuoneka, kuti aliyense adziwe kuti anakonza zonse pa nthawi yojambula. Komabe chithunzi chake chotchuka cha 1932, cha mwamuna akudumpha chithaphwi kuseri kwa siteshoni ya Saint-Lazare ku Paris, anachidula kumanzere chifukwa mpanda umene anajambulira pa mpata wake unatchinga mbali imeneyo. Nkhawa yake ndi yomveka, makamaka pa zithunzi za nkhani, pamene kuchotsa munthu kungasinthe zimene zinachitika. Chithunzi cha Korda chinataya maliro. Woonera sangadziwe kuti nkhope yolimbayo ndi ya munthu wa zaka 31 amene ali pa mwambo wolira anthu ophedwa dzulo lake. Ngakhale munthu wodulidwayo sanali wongodutsa, pakuti ambiri amanena kuti anali Jorge Masetti, mtolankhani wa ku Argentina amene anayambitsa nawo bungwe la nkhani la Prensa Latina. Kwa ine Korda sananame, chifukwa ankapanga chithunzi cha nkhope ya munthu, sankapereka umboni wa amene analipo pa nsanja.

Nyuzipepala yake sinachigwiritse ntchito pa nkhani ya malirowo. Korda anachipachika mu situdiyo yake, ndipo mu 1967 anapatsa makope wosindikiza mabuku wa ku Italy, Giangiacomo Feltrinelli. Che ataphedwa ku Bolivia pa 9 Okutobala chaka chomwecho, chithunzicho chinafalikira pa mapositala. Mu 1968 Jim Fitzpatrick wa ku Ireland anachisandutsa chojambula cha mbali zakuda ndi zoyera pamwamba pa utoto wofiira, chopanda mithunzi yapakatikati. Zimenezi zinatheka chifukwa mutu ndi mapewa zinali zitaima kale pazokha pa thambo loyera, m'mbali mwake mulibe chogundana nacho, moti munthu akhoza kuboola maonekedwe akewo pa katoni, n'kupopera penti pakhoma, nkhopeyo n'kudziwikabe.