Manja Amene Amatafuna ndi Kumeza

Munthu wamoyo akamadya nsima, pakamwa pake pamagwira ntchito zambiri zimene mwini wake saziwerengera. Mano amaphwanya, lilime limamva ngati chakudya chatentha kapena chasasa, kholingo limatsekeka kuti mbamu isalowere kumapapo, ndipo kanthu kakasochera chifuwa chimakatulutsa. Sitiroko ikawononga kamezedwe, madokotala amalowetsa chubu pamphuno mpaka m'mimba, ndipo chubucho chimalambalala alonda onsewa. Ntchito yawo siitha ayi. Imangosamukira m'manja mwa wosamalira wodwala, amene kuchipatala timamutcha gadiyani.

Mayi amene ndikufuna kufotokoza luso lawo amakhala ku Blantyre, ndipo akusamalira bambo awo owabereka, munthu wamkulu wolemera makilogalamu 55. Kugwira sirinji anaphunzira kwa anamwino ali pawodi, koma ukatswiri weniweni unakhwimira kunyumba, kumene kulibe belu loitanira aliyense.

Ntchito yawo imayambira pa mbaula. Vuto la chakudya cha m'chubu n'lakuti chiyenera kukhala chamadzimadzi kuti chidutse, komanso champhamvu kuti chisunge thupi, ndipo ziwirizi zimakokana. Munthu wamkulu wogona amafuna makalori 25 mpaka 30 pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake patsiku, choncho bambowa amafuna pafupifupi makalori 1,500. Zakudya za m'zitini zopangidwira anthu odyera m'chubu nthawi zambiri zimakhala ndi kalori imodzi pa mililita imodzi, ndiye lita imodzi ndi theka ikanakwana. Ubwino wake n'ngwakuti n'zosalala ndiponso zili ndi mavitamini oyezedwa kale, koma mtengo wake mabanja ambiri sangaupirire kwa miyezi. Ambiri amathawira ku phala, n'kulisungunula ndi madzi mpaka lidutse. Phala lotere mphamvu yake imatsika mwina kufika theka la ija ya m'chitini. Wodwala amakhuta madzi, mimba n'kutundumuka, koma mikono ikunka niwonda.

Mayiwa anathetsa vutoli ndi chinthu chimene aliyense wophika thobwa amachidziwa: chimera. Amaphika Likuni Phala lolimba ndithu, la ufa wa chimanga ndi soya, n'kuliphula. Likapola pang'ono amathiramo kasupuni kamodzi ka chimera cha mawere chosefa bwino, n'kutakasa. Pakangopita mphindi zochepa, phala lija limene supuni inkaimamo limayamba kuyenderera. Mbewu ikamera imapanga michere yodula sitachi, ndipo sitachi wodulidwa sagwira madzi. Phala lasungunuka, koma madzi sanawonjezedwe, ndiye mphamvu yonse ilimo. Kenako amalibwezera pamoto kuti liwire kachiwiri, chifukwa chimera chimayanikidwa panja ndipo chimatha kubwera ndi majeremusi.

Muyezo wawo anaugwirizana ndi katswiri wa zakudya wa kuchipatala. Pa chakudya chimodzi amatenga magalamu 40 a ufa wa phala, amene ndi masupuni aakulu odzaza pafupifupi anayi, magalamu 20 a mkaka wa ufa, ndi kasupuni kamodzi ka mafuta ophikira, zonse zikwane mamililita 300. Zimenezi zimapereka makalori pafupifupi 300, ndipo kasanu patsiku zimafika pa 1,500 paja. Kamodzi patsiku amamenyeramo dzira phala lili pamoto kuti lipse. Masiku ena amawonjezera msuzi wa masamba ophika kapena nthochi yofewa. Wodwala shuga kapena impso muyezo wake umasiyana, ndipo woti ausinthe ndi dokotala, osati achibale obwera kudzazonda.

Pomaliza amasefa. Amatsanulira phala pa sefa ya tiyi, n'kulikhutiza ndi kumbuyo kwa supuni, ndipo zotsalira pa sefa salimbana nazo. Kakhungu kamodzi ka soya kangathe kutseka chubu, pakuti chubu cha nambala 14 kunenepa kwake konse sikufika theka la sentimita, ndipo bowo la m'kati n'lochepa kuposa pamenepo. Machubu opyapyala kwambiri, monga a nambala 8, sayenera phala m'pang'ono pomwe. Akasefa amadonthezera pang'ono pamkono kuti amve kutentha, poti lilime la bambo silidzawachenjeza. Phala lotsala likakhala maola awiri kunja amalipereka kwa ena kapena kulitaya, ndipo amaphika lina.

Chimene chimandichititsa chidwi kwambiri ndi zimene amachita asanathire dontho lililonse. Amasamba m'manja ndi sopo, n'kugwada pambali pa bedi. “Ababa, ndabwera ndi phala. Tiyeni tidzuke pang'ono.” Amawadzutsa kuchokera m'chiuno, n'kuwatsamiritsa pa mapilo ndi bulangeti lopinda mpaka msana ufike pakati pa kugona ndi kukhala tsonga, madigiri 30 mpaka 45. Kukweza mutu wokha sikuthandiza, chifukwa khosi limapindika pamene mimba idakali chigonere.

Kenako maso awo amapita pamphuno. Tsiku limene chubu chinaikidwa, namwino anajambula mzere pamene chimatulukira, ndipo mayiwa analemba nambala ya pamenepo m'kope. Mzerewo ukasuntha, ndiye kuti nsonga ya chubu yakwera, mwina ili kummero, ndipo phala lothiridwa pamenepo lingabwerere n'kulowa kumapapo. Amawatsegula pakamwa n'kuwunika ndi tochi ya pafoni, chifukwa munthu akatsokomola kapena kusanza usiku chubu chimatha kudzikulunga kukhosi mzere wa pamphuno usanasunthe. Ndiye amakoka timadzi pang'ono ndi sirinji n'kudonthezera pa kapepala koyezera asidi. Kakaonetsa pH ya 5.5 kapena kutsika, timadzito ndi ta m'mimba. Ambiri anazolowera kupopera mpweya m'chubu n'kumvetsera kulira kwake pamimba, koma njira imeneyo imanamiza, chifukwa phokosolo limamveka ngakhale chubu chili m'mapapo. Mankhwala ochepetsa asidi, monga omepurazolo, amatha kukweza nambala ija, ndipo zikatero mayiwa sadzilimbitsa mtima. Amadikira kanthawi n'kuyezanso, zikakanika amaimbira namwino. Lamulo lawo n'lachidule: ukakayika, usathire. Chakudya chochedwa ola limodzi sichipha munthu, koma theka la kapu ya phala m'mapapo lingaphe.

Kudyetsa kwenikweni kumaoneka kophweka. Amachotsa chokankhira cha sirinji yaikulu ya mamililita 60, n'kupinda chubu ndi zala kuti mpweya usalowe, n'kulumikiza. Choyamba ndi mamililita 30 a madzi owiritsa ozizira. Madzi asanathere amathira phala, ndipo limatsika lokha. Dzanja logwira sirinji ndilo limalamula liwiro: akalikweza phala limathamanga, akalitsitsa limachedwa. Mamililita 300 amatenga mphindi 20 kapena kuposera, ndipo sirinji salola kuti iume pakati. Nthawi yonseyi maso awo sali pa sirinji koma pankhope ya bambo. Akangotsokomola, kuchita nseru, kutuluka thukuta kapena kusintha mapumidwe, mayiwa amapinda chubu nthawi yomweyo. Akamaliza amatsukanso ndi mamililita 30 a madzi, n'kutseka. Bambo amakhalabe chitsamire kwa ola lathunthu. Kusintha zofunda, kuwasambitsa ndi kuwatembenuza, zonsezi zinachitika kale asanadye.

Machubu amatsekekanso ndi mankhwala, osati phala lokha. Mayiwa amapera piritsi lililonse palokha pakati pa masupuni awiri mpaka lisanduke ufa, n'kulisungunula m'madzi. Amalipereka palokha, n'kutsatiza madzi pang'ono lisanabwere linzake. Sathira mankhwala m'phala. Anafunsanso kufamase za mankhwala onse, chifukwa mapiritsi ena saperedwa. Amene ali ndi zilembo monga SR pa paketi, mwachitsanzo nifedipini wina wa BP, anapangidwa kuti azisungunuka pang'onopang'ono. Kuwapera n'kupereka mphamvu ya maola ambiri nthawi imodzi, ndipo BP ingagwe mwadzidzidzi.

Chubu chikayamba kutseka chimachenjeza. Madzi oyamba aja amatsika mozengereza kuposa dzulo. Chikatsekeratu, mayiwa amatenga madzi ofunda mu sirinji yaikulu ija, n'kumakankha pang'ono, kukoka pang'ono, kwinaku akufikisa chubu ndi zala. Amasiya madziwo kanthawi kuti afewetse chotsekacho, n'kuyesanso. Sirinji yaing'ono saigwiritsa ntchito, chifukwa mphamvu yake pa kabowo kakang'ono n'njaikulu moti ingang'ambe chubu. Waya kapena kamtengo salowetsa. Anansi ena amalangiza zakumwa za gasi kapena madzi a mandimu, koma asidi amaundanitsa mkaka monga amachitira chambiko, ndipo chotsekacho chimangolimba. Madzi ofunda akalephera, ulendo ndi wa kuchipatala, ndipo sauchedwetsa, poti munthu wopanda chubu alibenso njira yomwera madzi ndi mankhwala. Amasunganso tsiku losinthira chubu, chifukwa machubu a pulasitiki wamba amauma pakatha sabata imodzi kapena ziwiri, pamene ofewa amatha milungu ingapo.

Pali ntchito ina imene ambiri amaiwala poganiza kuti munthu amene sakudyera pakamwa safuna kutsuka mano. Zoona n'zakuti pakamwa pamene sipadutsa chakudya pamauma, majeremusi n'kuchuluka, ndipo malovu odzaza majeremusiwo amatsetserekera kumapapo munthu ali mtulo. Chibayo chingabwere motero ngakhale phala lisanasochere. Mayiwa amatsuka mano ndi lilime la bambo m'mawa ndi madzulo ndi mswachi wofewa wongonyowa, mutu atauweramitsa kuti madzi atuluke. Amapaka mafuta pamilomo, ndipo posintha pulasitala amasuntha pang'ono pogwira chubu kuti mphuno isachite bala. Alendo achifundo ofuna kuwamwetsa bambo tiyi pasupuni amawakaniza mwaulemu koma mosagwedezeka: “Pepani azakhali, kummero sikunabwerere. Adokotala akadzawayeza kamezedwe n'kulola, mudzawamwetsa ndinu.”

Zonse zimathera m'kope lawo la sukulu. Muli nthawi ya chakudya chilichonse, kuyambira 6 koloko m'mawa mpaka 7 koloko madzulo kuti bambo asagone ndi mimba yodzaza. Muli kuchuluka kwa madzi, amene ayenera kuyandikira mamililita 1,800 patsiku pophatikiza a m'phala, ndi mtundu wa mkodzo, pakuti mkodzo wochepa ndi wofiirira umatanthauza kuti madzi akupelewera. Patsamba loyamba analemba zizindikiro zothamangira kuchipatala: kutentha thupi, kupuma mofulumira, mawu onga a munthu wovumata madzi, milomo kuda, kusanza, kapena phala kuoneka pakamwa. Chifukwa cha kopelo, mlongo wawo akabwera Loweruka kudzawalandira safunika kulota. Amawerenga, n'kudyetsa chimodzimodzi, ndipo mayiwa amagona tulo tokwanira. Ku sikelo ya mwezi uliwonse kopelo limapita nawo, ndipo dokotala akaona kulemera kwa bambo amadziwa ngati supuni ya mafuta iyenera kuwonjezedwa kapena ayi.